Suits, Silk kapena My Cousin Vinny: filimu ya maloya iti imene siikunamizani kwambiri?

Ine tsiku loyamba kulowa m'khoti ndinapita ndili ndi Suits m'mutu. Msuweni wanga amamuganizira kuti anaba foni pa depoti, ndiye ndinamuperekeza kukhoti la majisitireti, ndikuganiza kuti ndikaona maloya a masuti akuzungulira uku akuloza chala mboni mpaka mboniyo kugwetsa misozi. Aaa! Tinakhala pa benchi kuyambira 8 koloko mpaka cha m'ma 11, mlandu wake anauitana, wapolisi woimira boma anaimirira n'kunena kuti mboni sinabwere, a majisitireti analemba tsiku lina pa fayilo, basi tizipita. Mphindi zitatu sizinakwane. Tinabwerera kangapo konse mlandu usanayambe kumvedwa, ndipo kuyambira pamenepo mafilimu a m'khoti ndimawaonera ndi diso lina.

Sikuti ndinasiya, ndimaonerabe kwambiri. Koma mukamasankha choti mnyamata wa pamsika akuikireni mu fulashi, kapena choti muthere bandulo, ndi bwino kudziwa kuti filimu iliyonse imanama, kungoti imanama malo osiyana. Ina imanama pa nthawi, ina pa khalidwe la maloya, ndipo ina siinama kwenikweni koma ikunena zoona za ku Amerika zomwe kuno kwathu kulibe.

Tiyambe ndi Suits poti ndiyo aliyense anaonera. Inayamba 2011 n'kutha 2019, masizoni 9, nkhani yake ndi ya kampani ya maloya ku New York. Ngati mukufuna zovala zabwino, anthu oyankhana mwachangu ngati anachita kuloweza, ndi ndale za mu ofesi, tengani imeneyi simukhumudwa. Koma pa nkhani ya malamulo ndiye ili kutali. Maziko ake enieniwo ndi mlandu kale: Mike Ross akugwira ntchito ngati loya chonsecho sanapite kusukulu ya zamalamulo, ndipo bwana wake Harvey akudziwa. Kampani yaikulu ngati imeneyo ikanamutulukira sabata yoyamba pongofufuza dzina lake pa mndandanda wa maloya ovomerezeka. Kuno nakonso simungangodzuka n'kuvala gawuni, pamafunika digiri, maphunziro a ntchito ya uloya, kuvomerezedwa ndi khoti, kenako laisensi yomwe imakonzedwanso chaka ndi chaka.

Chomwe chimandiseketsa ine mu Suits ndi kafayilo kaja. Munthu alowa mu ofesi, aponya fayilo pa tebulo, winayo atsegula, ayang'ana masekondi awiri, nkhope yasintha, mlandu watha. Pepala la mgwirizano la masamba 80 munthu waliwerenga m'kuphethira kwa diso? Chinanso ndi kufunsa mboni mu ofesi mlandu usanafike kukhoti, chinthu chomwe ku Amerika amachitadi, mboni italumbira ndipo wina akulemba liwu lililonse. Mu Suits zimatenga mphindi zitatu, anthu atukwanizana, wina amenyetsa chitseko. Zenizeni zake m'makhoti a boma lalikulu la Amerika lamulo limapereka mpaka maola 7 pa tsiku limodzi kwa mboni imodzi, ndipo ambiri mwa maolawo ndi mafunso otopetsa ngati akuti kalata iyi munailandira liti, anakupatsani ndani, siginecha iyi ndi yanu kodi. Komabe pali chimodzi chomwe Suits inalondola mwina mosadziwa: anthu ake salowa m'khoti kawirikawiri, milandu yambiri imathera pa kukambirana. Zimenezo ndi zoona.

How to Get Away with Murder ndiye musavutike n'komwe kufunafuna malamulo mmenemo. Viola Davis amasewera bwino zedi, palibe angatsutse, koma ana a chaka choyamba kusukulu ya zamalamulo kumayendetsa milandu ya kupha, loya kumalalikira kwa oweruza pakati pofunsa mboni, umboni kumatulukira m'chikwama khoti lili mkati, zonsezo ndi zokometsera basi. Ioneni ngati filimu ya zinsinsi ndi mitembo.

Law & Order, yomwe inayamba 1990, ndi yabwinoko pa kayendedwe ka mlandu. Theka loyamba apolisi akufufuza, theka lachiwiri oimira boma akuzenga, ndipo mumaona zinthu zenizeni monga kukangana za belo kapena loya kupempha jaji kuti umboni wina utayidwe chifukwa apolisi anaupeza mophwanya lamulo. Bodza lake lili pa chiwerengero. Pafupifupi episodi iliyonse imathera pa mlandu wozengedwa pamaso pa juri, gulu lija la anthu wamba 12 osankhidwa kuti agamule ngati munthu ndi wolakwa. Koma ku Amerika komweko, mwa anthu opezeka olakwa, oposa 90 pa 100 alionse amachita kuvomera okha mlandu atagwirizana ndi boma za chilango, juri saiona n'komwe. Ndiye chomwe mukuona sabata iliyonse ngati chizolowezi, kwa eni akewo ndi cha apo ndi apo. Komanso apolisi a mu Law & Order nthawi zambiri amagwira munthu wolondola, zomwe, kaya, inu mukudziwa.

Apa ndiime kaye pa nkhani ya juri chifukwa ndi pomwe ambiri timasokonekera. Zambiri zomwe loya wa mufilimu ya ku Amerika amachita, kuyendayenda, kutsitsa mawu, kuyang'ana anthu m'maso, amachitira anthu 12 aja poti ndi anthu wamba otengeka mtima. Kukhoti la majisitireti kuno kulibe juri. Mukuyankhula ndi munthu mmodzi amene wamva milandu ngati yanuyo kambirimbiri, ndipo nthawi zambiri mutu wake uli pansi akulemba pamanja zonse zomwe zikunenedwa, moti mukathamanga amakuuzani kuti dikirani ndilembe kaye. Onjezani womasulira pakati, funso lichoke m'Chingerezi lipite m'Chichewa, yankho libwerere, moto wonse wa mufilimu uja umazimira panjira. 12 Angry Men ya 1957 ndi filimu yabwino kwambiri yoonetsa tanthauzo la kukayika koyenera, pafupifupi yonse imachitikira m'chipinda chimodzi, koma nayonso ili ndi chilema chachikulu: mmodzi wa a juri aja anapita yekha kukagula mpeni wofanana ndi wa pamlandu n'kubwera nawo m'chipindamo. Wa juri saloledwa kudzifufuzira yekha umboni, jaji atamva zimenezo mlandu ukhoza kuyambiranso ndi anthu ena.

Tsopano imene ine ndimauza aliyense kuti aonere, ndipo anthu amadabwa chifukwa ndi ya nthabwala: My Cousin Vinny ya 1992. Anyamata awiri a ku New York akudutsa ku Alabama, aima pa kagolosale, atangochoka wogulitsa aphedwa, iwo amangidwa. Loya wawo ndi msuweni wa mmodzi wa iwo, Vinny, amene mayeso a uloya anakhoza ulendo wa 6 ndipo sanayambe wazengapo mlandu. Maloya ambiri ku Amerika amaitama filimu imeneyi, ena amaphunzitsira nayo, ndipo sizodabwitsa poti amene anaitsogolera anaphunzira zamalamulo ku Cambridge.

Tione mboni imodzi bwinobwino kuti mumve chomwe ndikunena. Bambo wina akuti anaona anyamatawo akulowa mugolosale iye akuyamba kuphika chakudya cha m'mawa, ndipo pomwe amati azidya anamva mfuti n'kuona anthu awiri akuthawa pa galimoto. Akuti panadutsa mphindi 5 zokha. Nambala imeneyi ndiye msana wa mlandu, chifukwa ngati ndi mphindi 5, palibe mpata woti anyamatawo atuluke, anthu ena awiri afike pa galimoto yofanana n'kuchita chiwembucho. Vinny samuuza kuti mukunama. Amamufunsa kaye kuti munadya chiyani. Bamboyo atchula mazira ndi phala la chimanga chogaya mwamisere lomwe amadya kumwera kwa Amerika. Ndiye amufunsa ngati linali phala lenileni kapena la m'paketi longothira madzi otentha, bamboyo modzitama ayankha kuti lenileni, iye za m'paketi sadya. Apo ndiye wadzitsekera yekha chitseko, chifukwa phala lenilenilo limatenga mphindi pafupifupi 20 kuti lipse, ndipo aliyense m'khotimo akudziwa poti amaphika tsiku lililonse. Zili ngati mboni kuno inene kuti ndinateleka nyemba zouma, pomwe zimapsa panali patadutsa mphindi 10. Simufunika kukuwa, amayi onse pa benchi aseka okha.

Taonani dongosolo lake. Choyamba amamusiya abwereze nambala yake motsimikiza. Chachiwiri amatseka pothawira, funso la paketi lija, mboni isanadziwe komwe akupita. Kenako ndi pomwe amabweretsa chinthu chomwe sichingatsutsidwe. Akanayamba ndi kunena kuti phala limatenga mphindi 20, bamboyo akanangoti linali la m'paketi, nkhani yathera pomwepo. Ndipo mapeto ake mboniyo siivomera kuti inapha munthu kapena kuti inalipidwa, imangovomera kuti mwina inalakwitsa nthawi. Basi. Mboni zina ziwiri zimagwanso chimodzimodzi: gogo wina wa magalasi okhuthala amuyesa ndi tepi yoyezera mtunda n'kupezeka kuti sakuona bwino zala ngakhale pafupi kuposa pomwe akuti anaonera, ndipo bambo wina akuti anaonera pa windo, amuonetsa zithunzi za windolo lili lakuda, kutsogolo kuli mitengo ndi zitsamba. Palibe wabodza pa atatuwa, onse ndi anthu abwinobwino olakwitsa, ndipo m'khoti lenileni mboni zambiri zimakhala zotero.

Chifukwa chomwe ndakhalitsa apa ndi ichi. Kukhoti la majisitireti anthu ambiri alibe loya. A Legal Aid Bureau alipo koma sangafikire aliyense, ndiye mboni ya boma ikamaliza, a majisitireti amatembenukira kwa woimbidwa mlandu n'kumufunsa ngati ali ndi mafunso kwa mboniyo. Ndinaona ndi maso anga, munthu m'malo mofunsa amayamba kufotokoza mbali yake, "bwana ine tsiku limenelo ndinali ku maliro", amudula kuti nthawi yofotokoza idzafika, pano funsani funso. Munthu uja asokonezeka, angoti ndilibe funso. Chonsecho mboni yanena kuti inamuona usiku, ndipo palibe waifunsa kuti kunali kuwala kwanji, inaima patali bwanji, inamuona kwa nthawi yaitali bwanji, inkamudziwa kale kapena ayi. Zomwe mboni yanena inu osazitsutsa pa nthawi ya mafunso, khoti likhoza kuzitenga ngati simukuzikana. Msuweni wanga anafunsa mafunso awiri okha, la mtunda ndi la kuchuluka kwa anthu pa depoti nthawi imeneyo, ali njenjenje, pepala lomwe tinalembera usiku litanyowa ndi thukuta m'manja. Sindikunena kuti filimu ingalowe m'malo mwa loya, ayi ndithu, mukatha kumupeza mupezeni. Koma pa mafilimu onsewa ndi iyi yokha imene imakuonetsani kuti funso la kwa mboni limaoneka bwanji.

Imalondolanso pena: Vinny akusangalala kuti wanyengerera woimira boma mpaka wamupatsa mafayilo onse, chibwenzi chake n'kumuuza kuti ukusangalala chiyani, lamulo limamukakamiza kukupatsa. Umboni wobisa n'kudzautulutsa mwadzidzidzi, womwe mafilimu ena amadalira, nthawi zambiri suloledwa. Pomwe imanama ndi pa Vinny mwini wake, amanamiza jaji za dzina lake ndi mbiri ya ntchito yake, chinthu choti loya weniweni akhoza kuchotsedwa nacho ntchito, komanso mlandu wa kupha kufika pozengedwa msanga chonchija ndi maloto.

Ngati funso lanu ndi lakuti moyo wa loya umakhala bwanji tsiku ndi tsiku, pitani ku Better Call Saul, 2015 mpaka 2022. Episodi yoyamba yomwe, loya Jimmy waimira anyamata atatu pa mlandu umodzi, apita pa windo kukatenga cheke akuyembekeza malipiro a anthu atatu, apeza madola 700 a mlandu umodzi, kenako akangana ndi mlonda wa pageti za masitika oimikira galimoto. Ofesi yake ndi kachipinda kuseri kwa saluni. Mumaona kukambirana milandu m'makolido, kudikira, loya mnzake Kim atatsekeredwa m'chipinda cha pansi kuwerenga mapepala usiku wonse, Jimmy akulumikiza timapepala tong'ambidwa tomwe watola m'bini. Ndipo mlandu waukulu wa nyumba zosungira okalamba umayamba sizoni yoyamba n'kudzatha sizoni ya 6. Kuchedwa kumeneko ndiye chilungamo chake cha filimuyi. Zachinyengo za Jimmy ndi zokokomeza, inde, koma filimuyo siinamizira kuti ndi zololedwa, amakaonekera ku komiti ya maloya anzake n'kuimitsidwa chaka chathunthu. Vuto lake ndi lakuti imayenda pang'onopang'ono ndipo theka lake ndi nkhani ya ogulitsa mankhwala osokoneza bongo, ndiye amene mukufuna khoti lokhalokha mutopa nayo.

Koma onsewa ndi a ku Amerika. Makhoti athu anatengera ku Mangalande, ndiye ngati mukufuna chinthu chofanana ndi chomwe mungaone ku Bwalo Lalikulu ku Blantyre kapena ku Lilongwe, yoyandikira ndi Silk ya BBC, 2011 mpaka 2014, maepisodi 18 okha. Anailemba ndi munthu amene anagwirapo ntchito ya uloya wa m'khoti. Mumaona mawigi ndi magawuni, loya akuyankhula ataima pamalo pake osayendayenda, mnzake akaimirira kuti atsutse iye amakhala pansi, ndipo kutsutsako kumakhala kwaulemu, osati kukuwa "obujekishoni" ngati wagwidwa ndi nyerere. Komanso jaji wa ku Mangalande sagwiritsa ntchito kahamala kaja komenya pa tebulo, ndi ka ku Amerika. Dzina la filimuyo likuchokera pa gawuni ya silika yomwe amavala maloya okwezedwa udindo, kumeneko pano amati KC, kuno timati SC. Mumaonanso loya akulandira fayilo madzulo mlandu uli mawa m'mawa, n'kuchezera nayo. Kusiyana kwake ndi kuno n'kwakuti ku Mangalande ntchito anaigawa pawiri, pali loya wokumana ndi kasitomala ndi kukonza mapepala, palinso wokayankhula m'khoti, pomwe kuno munthu mmodzi amachita zonse. Zibwenzi za mu ofesi ndi ziwembu za kalaliki wawo, izo ndi mchere wa filimu.

Ndipo kunena zoona, Amalawi tili ndi poyezera pabwino kuposa anthu ambiri, chifukwa mlandu wa chisankho cha 2019 tinaumvera pa wailesi tsiku ndi tsiku, m'minibasi, m'ma saluni, paliponse. Kumbukirani mmene unkayendera. Majaji 5, mboni zinapereka kale umboni wolemba zitalumbira, ndipo mboni imodzi imatha masiku angapo ikufunsidwa, tsegulani tsamba lakuti, werengani ndime yakuti, fomu iyi ili ndi tipekisi kapena ayi, yankhani inde kapena ayi. Unayamba kumvedwa mu Ogasiti 2019, kumva mboni kunatha mu Disembala, chigamulo chinabwera pa 3 Febuluwale 2020, cha masamba oposa 400 ndipo kuwerenga kwake kunatenga tsiku lonse mpaka usiku. Panalibe mboni yomwe inagwa pansi n'kuulula zonse ngati mkulu wa asilikali uja mu filimu ya A Few Good Men. Mlandu unamangidwa ndi mapepala, kamodzikamodzi. Filimu iliyonse mukaiika pambali pa chikumbukiro chimenecho muona nokha pomwe yadumpha.

Poyezera pena posavuta ndi mafunso a loya kwa mboni yake yomwe. Lamulo ndi lakuti mboni yako suiika mawu m'kamwa pa nkhani yomwe mukukangana, umafunsa kuti kenako chinachitika n'chiyani, munaona chiyani. Mafunso oti "si zoona kuti munali pamenepo?" ndi a mboni ya mbali inayo. Mukaona loya wa mufilimu akufotokoza nkhani yonse yekha mboni yake ikungogwedeza mutu, winayo ali phee osatsutsa, dziwani kuti olembawo sanafunse aliyense.

Amene mtima wanu ndi wolimba onjezani Just Mercy ya 2019, nkhani yeniyeni ya Walter McMillian amene anagamulidwa kuti aphedwe ku Alabama mu 1988 pa mlandu womwe sanapalamule, mlandu wake unazengedwa tsiku limodzi ndi theka basi, n'kudzatuluka mu 1993 loya Bryan Stevenson atalimbana ndi ma apilo zaka zingapo. Mmenemo muona kuti ngakhale mboni yaikulu itabwera kudzanena kuti ndinanama, jaji akhoza kukanabe, ndipo mumayambiranso kulemba mapepala. Musaionere tsiku lomwe mwatopa kale.

Zija za Judge Judy ndi anzake musaziwerengere m'gulu la makhoti. Chipindacho ndi situdiyo, anthuwo anasaina kuti mayiyo awaweruze ngati mkhalapakati, ndipo ndalama zomwe wina walamulidwa kulipira zimachokera kwa opanga pulogalamuyo.

Ine fulashi yanga ya magigabaiti 16 nditati ndiidzaze lero, ndingayambe ndi My Cousin Vinny poti ndi maola awiri okha, kenako Silk yonse, malo otsalawo masizoni atatu oyamba a Better Call Saul. Suits ndimaionerabe Lamlungu masana ndikamasita, mawu ndimachepetsa Harvey akatsegula kafayilo kaja.